Paipi yomira m'madzi ingabweze uve kumpopi wanu

Kumpopi kukauma, m'makomo ambiri mumachitika zofanana. Mumasiya mpopi uli chotsekula, mumalumikizako paipi yothirira, mbali inayo n'kuiponya mumgolo kuti madzi akabwera usiku adzaze okha inu muli mtulo. Ena amaiponya m'beseni la zovala, ena m'chomwera ziweto, enanso m'sipuleya yopopera mbewu. Aliyense amaona ngati madzi ali ndi njira imodzi yokha, yochokera kubungwe la madzi kubwera kunyumba.

Paipi payokha sisankha mbali. Madzi amathamangira kulikonse kumene mphamvu yake, imene ambiri timaitcha pulesha, yachepa. Pulesha ya mumsewu ikagwa, paipi imene imakupatsani madzi imasanduka yoyamwa, ndipo chilichonse chimene kamwa yake yamiramo chimatha kulowa m'mapaipi a nyumba yanu mpaka kukafika kwa anansi anu. Lamulo lopewera zimenezi ndi lalifupi: kamwa ya paipi yobweretsa madzi akumwa isamire m'madzi a m'chotengera chilichonse. Kuti mulitsate bwino, muyenera kumvetsa chimene chimachitika m'kati mwa paipimo.

Chimene chimayamwa madziwo

Mwina munaonapo munthu akupopa mafuta m'thanki ya galimoto ndi kapaipi. Amayamwa kamodzi kokha, kenako amatsitsa mbali inayo pansi, mafuta n'kumayenda okha mpaka chigubu kudzaza. Mafuta amene akutsika amasiya malo opanda kanthu kumbuyo kwawo, ndipo mpweya wotizungulirawu umakankhira mafuta ena m'malo amenewo. Mpweya sitiumva kulemera, koma umapanikiza ndi mphamvu ya pafupifupi kilogalamu imodzi pa kamalo kofanana ndi chikhadabo chanu. Mphamvu imeneyi ndi yokwanira kukweza madzi mamita 9 kapena 10 m'paipi yopanda mpweya.

Mapaipi a m'tauni amachitanso chimodzimodzi. Tengani mzinda wa Blantyre, umene madzi ake ambiri amachokera mumtsinje wa Shire ku Walker's Ferry, ndipo amachita kupopedwa ndi magetsi kukwera mtunda wa mamita mazana angapo. Nyumba za mumzindawu zili m'mapiri ndi m'zigwa. Madzi akasiya kulowa m'paipi yaikulu ya dera lina, kaya chifukwa cha kuzima kwa magetsi, kuphulika kwa paipi kapena kugawa madzi mosinthanasinthana, madzi amene atsala m'paipimo saima. Anthu a kumunsi amapitiriza kutunga, ndipo madziwo amatsetserekera kwa iwo. Kumtunda kumatsala malo opanda kanthu amene ayenera kudzazidwa.

Ngati mpopi wa kumtunda uli wotsekula ndipo kamwa yake ili pamphepo, umangoyamwa mpweya. Ndi phokoso lija mumalimva mukatsekula mpopi wouma, ngati munthu akupuma mokokera m'kati, ndipo mukaika chala pakamwa pake mumamva chikukokedwa. Koma ngati pampopipo pali paipi imene mbali yake ina yamira mumgolo, mpopiwo uyamwa zimene zili mumgolomo. Simufunikanso kukhala paphiri kuti zimenezi zichitike. Nyumba ya m'dera lathyathyathya ikhoza kukumana nazo paipi ikaphulika pamalo otsika pang'ono, kapena ozimitsa moto akamatunga madzi ambiri nthawi imodzi.

Ndowa imodzi imafika pati?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Paipi yothirira yotalika mamita 10, imene m'mimba mwake ndi mamilimita 15, imasunga madzi ochepera pang'ono malita awiri. Ngati kuchokera pampopi wa panja kukafika pa mita ya madzi pali paipi ya kukula komweko yotalika mamita 30, imeneyo imasunga malita pafupifupi 5. Zonse pamodzi ndi malita 7.

Tsopano tinene kuti paipi yothirira ija yamira pansi pa ndowa ya malita 20 imene mwanyikamo matewera a mwana wotsekula m'mimba. Mpopi uli mita imodzi pamwamba pa ndowayo, msinkhu umene ngakhale kuyamwa kofooka kumaukwanitsa. Madzi akachoka mumsewu, malita 7 oyamba amadzaza mapaipi a pakhomo panu, ndipo malita 13 otsalawo amadutsa pa mita n'kulowa m'paipi yaikulu imene mumagawana ndi anthu ena. Madzi akabwerera, uve uja umakankhidwira kumipopi yonse imene ili panjira yake: wa kukhitchini kwanu, wa nyumba yoyandikana nanu, ngakhale wa pakiyosiki pamene amayi a m'dera lonse amatunga.

Mwina mukuganiza kuti kolorini amene bungwe la madzi limathira aphe tizilomboto. Kolorini wotsala m'madzi a kumpopi ndi wochepa kwambiri, kawirikawiri pakati pa mamiligalamu 0.2 ndi 0.5 pa lita imodzi. Anamuyezera kuti ateteze madzi oyera kale pa ulendo wawo wa m'mapaipi. Akakumana ndi madzi a chimbudzi amatha nthawi yomweyo, tizilombo toyambitsa kolera, taifodi ndi kamwazi n'kutsala tamoyo. Pa mankhwala ophera udzu kapena mbozi amene mumasungunula m'sipuleya ya malita 16, kolorini alibe chochita, ndipo kuwiritsa madzi sikuwachotsa.

Zimene zinaonekera timu ya mpira

Chitsanzo chodziwika bwino pakati pa akatswiri a zamadzi chinachitika m'dziko la America m'chaka cha 1969, pa sukulu ya ukachenjede ya Holy Cross mumzinda wa Worcester. Pabwalo pamene timu ya mpira ya sukuluyi inkachitira zokonzekera panali mipopi yothirira kapinga imene inaikidwa m'timaenje, pansi pa nthaka. Ana ena a m'dera loyandikana nalo, amene anali ndi matenda a chiwindi otchedwa hepatitisi A, ankasewera ndi mipopiyo, ndipo m'timaenjemo munadikha madzi oipitsidwa ndi zotuluka m'thupi mwawo. Kamwa za mipopi zinali zomira m'madzi amenewo.

Chakumapeto kwa mwezi wa Ogasiti, moto unabuka kwina mumzindamo. Ozimitsa moto atatunga madzi ambiri, pulesha inagwa m'mapaipi opita kubwaloko, ndipo madzi a m'timaenje aja anayamwidwa. Osewera anamwa madzi a pampopi wina wa paipi yomweyo osadziwa kanthu. Matendawa amatenga pafupifupi mwezi kuti aonekere, choncho timuyo inayamba ligi ngati zonse zili bwino. Itasewera masewero awiri okha inalephera kupitiriza. Mwa anthu 97 a timuyo, osewera ndi owathandiza, oposa 30 anatsimikizika kuti anatenga kachilomboka.

Onani kuti palibe paipi imene inathyoka, ndipo madzi a bungwe anali abwino. Zinangofunika zinthu ziwiri kukumana: kamwa ya mpopi yomira m'madzi oipa, ndi kugwa kwa pulesha kwa kanthawi kochepa. Kumeneko pulesha inagwa chifukwa cha moto wa tsiku limodzi. M'madera athu ambiri imagwa kangapo pa sabata.

Mpata wa mpweya

Chitetezo champhamvu kuposa zonse sichigulidwa m'sitolo. Ndi mpata wopanda kanthu pakati pa kamwa ya mpopi ndi madzi amene ali pansi pake. Madzi amatha kugwa kudutsa mumpatawo, koma sangalumphe kubwerera m'mwamba, ndipo mpopi ukayamba kuyamwa umangopeza mpweya. N'chifukwa chake mpopi wa pasinki amaupanga wopindikira pamwamba, kamwa yake ili kutali ndi mlomo wa sinkiyo.

Muyezo umene mapulambala ophunzira amatsata ndi wakuti mpatawo ukhale kuwirikiza kawiri kukula kwa kamwa ya paipi, ndipo usachepere mamilimita 25. Pa paipi ya mamilimita 15 ndiye kuti mpata wa mamilimita 30, pa ya mamilimita 20 mpata wa mamilimita 40. Ngati mulibe choyezera, siyani malo okwana zala zinayi. Mpata waung'ono kwambiri suthandiza, chifukwa kuyamwa kwamphamvu kumatha kunyamula madzi amene ali pafupi zedi ndi kamwa ya paipi.

Pamene anthu ambiri amaphonya ndi poyambira kuyeza. Mpatawu suyezedwa kuchokera pamene madzi ali panopa. Umayezedwa kuchokera pamene madzi angafike chotengeracho chikadzaza mpaka kusefukira. Paipi imene mwailowetsa pang'ono mumgolo wopanda kanthu imaoneka ngati ili pamphepo madzulo, koma pofika pakati pa usiku mgolo wadzaza ndipo kamwa ija yamira. Choncho mangirirani paipiyo ku mtengo kapena ku waya kuti kamwa yake ilendewere pamwamba pa mlomo wa mgolo. Podzaza sipuleya, thirani madzi m'ndowa kaye, kenako muwakhuthulire m'sipuleyamo, mankhwala n'kuthira pomaliza. Mukamaliza kuthirira dimba kapena kutsuka galimoto, chotsani paipi pampopi, osaisiya itagona m'chithaphwi.

Thanki yolumikizidwa molakwika

Thanki ili ndi vuto lina loonjezera. Pamwambapa takamba za kuyamwa, koma thanki imathanso kukankha. Madzi amene ali pamwamba amakhala ndi pulesha yawoyawo, yolingana ndi msinkhu umene ali.

Nachi chitsanzo cha kalumikizidwe kamene kamapezeka m'makomo ambiri. Thanki ya malita 5,000 yaikidwa pa nsanja ya mamita 6. Pofuna kupulumutsa ndalama, pulambala wagwiritsa ntchito paipi imodzi yokha yolowera pansi pa thanki. Madzi a bungwe akakhala ndi mphamvu amakwera m'paipiyo n'kudzaza thanki, akachoka madzi a m'thanki amatsika m'paipi yomweyo kupita m'nyumba. Zimaoneka zanzeru. Koma paipi imeneyo ndi yolumikizanabe ndi ya mumsewu. Pulesha ya mumsewu ikangotsika kufika poti singakwezenso madzi mamita 6, thanki ndiyo imakhala yamphamvu, ndipo madzi ake amatsika kudutsa pa mita kupita kunja. Apa sipafunikanso kuyamwa kulikonse.

Mwini nyumba amadzuka m'mawa n'kupeza thanki imene inali yodzaza ili pakati, pomwe palibe amene watunga. Madzi amene analipira apita kwa ena. Choopsa kwambiri n'chakuti madzi a m'thanki si ofanananso ndi a bungwe. Akhalamo masiku, kolorini anatha, pansi pali matope, ndipo ngati chivundikiro chili chosatseka bwino mungapezeke ndowe za mbalame, buluzi kapena khoswe wakufa.

Thanki yolumikizidwa bwino imakhala ndi mapaipi atatu osiyana. Yolowetsa madzi imakwera kunja kwa thanki n'kulowera pamwamba penipeni, kudzera pa valavu ya mpira woyandama imene imatseka yokha thanki ikadzaza. Yachiwiri ndi yotayira madzi osefukira, ndipo iyenera kukhala m'munsi mwa kamwa ya yolowetsa ija, kusiya mpata uja takamba. Ikhalenso yaikulu kuposa yolowetsa, mwachitsanzo mamilimita 40 ngati yolowetsa ndi 20, chifukwa mpira woyandama umaonongeka, ndipo tsiku limenelo madzi ayenera kutayika msanga asanakwere kukamiza kamwa ya paipi. Kumapeto kwake ikani kansefa kotchinga udzudzu, ndipo musailowetse m'ngalande kapena m'paipi ya zonyansa. Yachitatu ndi yotulutsa madzi kupita m'nyumba, yochokera chakumunsi kwa thanki.

Ena amaonjezera kapaipi pa valavu ya mpira kotsikira pansi pa thanki kuti madzi asamasokose akamagwa usiku. Kapaipi kameneko kamathetsa mpata wonse, thanki n'kukhala ngati mgolo uja. Kathanki ka chimbudzi chogejemula kamatsatanso lamulo lomweli, makamaka ngati mumaikamo mankhwala a buluu onunkhiritsa.

Pali zinanso ziwiri zokhudza pampu. Ngati muli ndi chitsime kapena mjigo wa pampu yamagetsi, madzi ake asakumane ndi paipi ya bungwe paliponse. Pampu imakankha mwamphamvu kuposa thanki ya pansanja, ndipo imatha kutumiza madzi osathira mankhwala mumsewu ngakhale tsiku limene madzi a bungwe alipo. Kuika valavu yotseka ndi manja pakati pa mapaipi awiriwa sikokwanira, chifukwa munthu amaiwala kutseka ndipo valavu ikakalamba imadontha. Ngati mukufuna madzi a mbali zonse ziwiri, paipi iliyonse ithire m'thanki payokha kuchokera pamwamba. Chachiwiri, musalumikize pampu yoonjezera pulesha mwachindunji ku paipi ya bungwe. Pampu yotere imayamwa mumsewu, ndipo inuyo mumakhala woyambitsa kukoka kumene kumalowetsa uve kudzera m'mipopi ya anzanu ndi m'malo odontha a mapaipi. Pampu iyamwe m'thanki.

Mavalavu ndi malire ake

Pali malo amene mpata wa mpweya sutheka, chifukwa madzi ayenera kupitirira ali ndi pulesha. Pamenepo ndi pamene zipangizo zoletsa madzi kubwerera zimagwira ntchito.

Chofala kwambiri ndi valavu yolola madzi kupita mbali imodzi, imene mapulambala amaitcha noniritani. M'kati mwake muli kachitseko kamene madzi amakakankha akamapita kutsogolo, ndipo akafuna kubwerera kamadzitseka. Pathupi pake pamakhala kamuvi kosonyeza kumene madzi ayenera kulowera, ndipo imaikidwa kumbali ya nyumba, madzi akangodutsa pa mita. Ngati nyumba yanu imalandira madzi kuchokera ku bungwe komanso ku thanki kudzera m'mapaipi amodzi, valavu imeneyi siyenera kusowa. Vuto lake ndi lakuti ikaonongeka sionetsa. Kamchenga kamodzi kakakakamira pa kachitseko kaja, valavu imatsala yotsekuka pang'ono, ndipo madzi obwera pambuyo pa kuuma kwa mipopi amakhala ndi mchenga wambiri. Kuika nsefa patsogolo pake kumathandiza. Mukhozanso kuiyesa: thanki ili yodzaza, tsekani madzi a bungwe pa mita, kenako masulani cholumikizira kapena tsekulani mpopi umene uli pakati pa mita ndi valavuyo. Madzi ochepa atuluka n'kusiya. Akapitiriza kutuluka, valavu ikudontha ndipo ifunika kutsukidwa kapena kusinthidwa. Noniritani ndi yothandiza pa madzi amene ndi oyera ndithu. Musaidalire pa madzi a chimbudzi kapena a mankhwala.

Chachiwiri ndi kachipangizo kopotera pakamwa pa mpopi wa panja, paipi yothirira n'kulumikizidwa pa iko. Amakatcha vakiyumu buleka. Mpopi ukayamba kuyamwa, iko kamatsekula timabowo tolowetsa mpweya, kukoka kuja n'kutha mphamvu. Kakamalavula madzi pang'ono mukamatseka mpopi musadandaule, ndi mmene kamagwirira ntchito. Kamateteza ku kuyamwa kokha. Sikangaletse madzi okankhidwa ndi thanki kapena pampu, ndipo sikanapangidwe kuti kazikhala ndi pulesha usana ndi usiku.

Chachitatu ndi cha malo oopsa kwambiri monga zipatala, malabotale ndi mafakitale. Akatswiri amachitcha RPZ. Chili ndi mavalavu awiri otsatizana, ndipo pakati pawo pali potayira madzi. Valavu imodzi ikalephera, madzi obwerera amatayikira pansi m'malo molowa m'paipi ya anthu onse, choncho vuto limaonekera. Chiyenera kuikidwa pamwamba pa nthaka, chifukwa chikakhala m'dzenje lodikha madzi potayira paja pamamira. Chimafunanso kuyesedwa ndi katswiri chaka chilichonse.

Mungadziwe bwanji kuti zachitika?

Zizindikiro zina n'zoonekeratu. Mgolo kapena beseni limene munalisiya lodzaza lachepa popanda wotunga. Manambala kapena kamuvi ka pa mita kakuzungulira chobwerera. Madzi oyamba kutuluka ali ndi thovu la sopo, mtundu wachilendo, kapena fungo la mankhwala, mafuta kapena chimbudzi. Madzi ooneka ngati mkaka amene amayera okha kuyambira pansi pa tambula pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri ndi mpweya chabe, amenewo asakuopseni. Kumbukiraninso kuti madzi okhala ndi tizilombo nthawi zambiri amaoneka oyera bwinobwino, ngati mmene zinalili pabwalo la mpira lija.

Mukakayikira, siyani kumwa ndi kuphikira madziwo, chotsani paipi imene yamira, uzani anansi anu, ndipo dziwitsani bungwe la madzi la dera lanu kuti litsuke paipi yaikulu ndi kuyeza madzi. Tsekani valavu yolowetsa madzi m'thanki kuti uve usakalowemo. Ngati chimene chayamwidwa ndi madzi a zonyansa, tsekulani mipopi yonse madzi atayike kwa mphindi zingapo, ndipo akumwa muziwawiritsa kapena kuthira kolorini kufikira bungwe litanena kuti ali bwino. Ngati ndi mankhwala a kumunda kapena oviikira ziweto, musawagwiritse ntchito ngakhale posamba, chifukwa ena amalowa kudzera pakhungu. Amene wamwa n'kuyamba kusanza, kutuluka dovu kapena kuona zinthu mwachimbuuzi apite kuchipatala msanga, atanyamula botolo la mankhwalawo kuti achipatala adziwe chimene akulimbana nacho.

Pulambala akabwera kudzaika kapena kukonza thanki, musangomufunsa mtengo. Mupempheni akuonetseni pamene madzi akulowera, pamene akusefukira, ndi kutalika kwa mpata umene uli pakati pa malo awiriwa. Ngati sangathe kukuonetsani mpatawo ndi chala, ntchitoyo sinathe.